Lipoti la Dokotala Likachedwa

Kampani zambiri za inshuwalansi zimaika malire a masiku operekera zikalata, koma lipoti la dokotala lilibe changu. Musadikire kuti tsikulo lidutse. Lemberani kampaniyo kalata nthawi ikadalipo, mutchule nambala ya polisi yanu ya inshuwalansi, tsiku limene munagonekedwa, ndi tsiku limene munapempha lipotilo. Tinene kuti munathyoka mwendo pangozi ya galimoto: tumizani malisiti ndi lipoti la apolisi zimene muli nazo kale, n'kupempha masiku 30 owonjezera. Kachikalata kodindidwa ndi chipatala kotsimikiza kuchedwako kamalemera kuposa madandaulo anu. Pemphani yankho lolembedwa, chifukwa "musadandaule" wa pafoni amakanidwa mawa.