Mzere wa chiwongoladzanja ukatembenuka, chuma chimagwadi?

Pa 3 Julayi 2023, munthu amene anabwereketsa boma la Amereka madola 1,000 kwa zaka ziwiri ankalonjezedwa phindu la madola pafupifupi 49 pachaka. Mnzake amene anabwereketsa ndalama zomwezo kwa zaka khumi ankalonjezedwa madola 39 okha. Wodikira nthawi yaitali ndiye ankalandira zochepa.

Nthawi zambiri sizikhala choncho. Wobwereketsa kwa nthawi yaitali amafuna chiwongoladzanja chokwererapo, chifukwa m'zaka khumi mitengo ya zinthu ingathe kukwera, ndalama yake n'kuchepa mphamvu. Akatswiri a zachuma akandandalika chiwongoladzanja cha ngongole zonse za boma, kuyambira ya miyezi itatu mpaka ya zaka 30, amapeza mzere wokwera chitunda. Kumayambiriro kwa mzerewo kukakhala pamwamba, kumapeto n'kukhala pansi, amati watembenuka, ndipo pamsika wa ndalama mitima imayamba kugunda.

Nanga munthu wanzeru zake angalolerenji madola 39 pamene 49 alipo? Yankho lili pa zimene zidzachitike zaka ziwirizo zikatha. Mwini ndalama adzafunika kuzibwereketsanso pa chiwongoladzanja cha nthawi imeneyo. Tiyerekeze kuti chatsika kufika pa 2 peresenti n'kukhala pomwepo. Wa zaka ziwiri uja adzapeza madola 98 poyamba, kenaka madola 20 pachaka kwa zaka zisanu ndi zitatu, onse pamodzi 258. Wa zaka khumi adzakhala atatolera 390. Choncho wolola 39 ndi munthu amene akukhulupirira kuti chiwongoladzanja chitsika, ndipo banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, kawirikawiri imachitsitsa kwambiri malonda akazilala, anthu n'kumachotsedwa ntchito. Anthu oganiza chonchi akachuluka amalimbirana mabondi a nthawi yaitali, mtengo wake umakwera, phindu lake n'kutsika.

Palinso mbali ya mabanki. Iwo amalandira ndalama za nthawi yochepa n'kumakongoza kwa nthawi yaitali, ndipo amadyera pa kusiyana kwa ziwirizi. Kusiyanako kukachepa amaumira ngongole.

Mbiri ya chizindikirochi ndi yopatsa ulemu. Campbell Harvey anachifotokoza mu 1986 m'kafukufuku wa digiri yake ya udokotala ku yunivesite ya Chicago. Mu 2018 akatswiri a nthambi ya Federal Reserve ya ku San Francisco anaonetsa kuti kuyambira 1955, nthawi iliyonse imene chuma cha Amereka chinabwerera m'mbuyo, mzerewu unali utayamba watembenuka. Unanama kamodzi kokha, chapakati pa zaka za m'ma 1960. Vuto lake n'lakuti sunena tsiku: mavuto ankafika pakatha miyezi 6, nthawi zina mpaka 24. Unatembenuka mu 2006, ndipo chuma chinayamba kugwa mu Disembala 2007. Unatembenukanso mu 2019, chuma n'kugwa mu 2020, ngakhale kuti pamenepa kuupatsa ulemu n'kuukondera, pakuti ogula mabondi sanalote za mliri wa Covid-19.

Kenaka kunabwera 2022. Mu Juni chaka chimenecho mitengo ya zinthu ku Amereka inali itakwera ndi 9.1 peresenti pachaka, ndipo Federal Reserve inakweza chiwongoladzanja mwaliwiro, kuchoka pafupi ndi ziro mu Malichi 2022 kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti mu Julayi 2023. Chiwongoladzanja cha zaka ziwiri chinapitirira cha zaka khumi mu Julayi 2022, ndipo zinakhala choncho kwa zaka ziwiri ndi kupitirira pang'ono. Akatswiri ambiri analosera kuti 2023 ikhala yowawa. Koma chuma chinakula ndi kuposa 2 peresenti mu 2023, chimodzimodzinso mu 2024, ndipo chiwerengero cha osowa ntchito chinatsikapo mpaka 3.4 peresenti.

Zifukwa ziwiri zimamveka bwino. Mabanja ambiri anatenga ngongole za nyumba za zaka 30 pa chiwongoladzanja chosasintha cha pafupifupi 3 peresenti mu 2020 ndi 2021, motero kukwera kwa chiwongoladzanja sikunawakhudze m'thumba. Komanso Federal Reserve yomweyo inali itagula mabondi ochuluka zedi, moti chuma chonse chimene inkasunga chinayandikira madola 9 thililiyoni. Kugula kotereku kumapondereza phindu la mabondi a nthawi yaitali, ndiye mzere umatembenuka msanga ngakhale mantha a pamsika asali aakulu.

Apa ndi pamene wowerenga nkhani zachuma ayenera kufunsa chimene chatembenuza mzerewo. Ngati ndi ogula wamba amene akuthamangira mabondi a zaka khumi, chenjezo lake ndi lolemera. Ngati wogula wamkulu ndi banki yaikulu, chenjezolo limapepuka. Mu Sepitembala 2024 Federal Reserve inatsitsa chiwongoladzanja ndi theka la peresenti, ndipo panthawiyo n'kuti mzere wa zaka ziwiri ndi khumi utangowongoka kumene, chuma chikukulabe.