Mtengo Ukukwera Koma RSI Ikutsika: Kodi Zikutanthauza Chiyani?

Pa 8 Januwale 2021, Bitcoin imodzi inafika pafupifupi madola 42,000 a ku America. Mu Febuluwale inapitirira 58,000, mu Malichi 61,000, ndipo pa 14 Epulo inatsala pang'ono kukhudza 65,000. Oyang'ana mtengo wokha ankangoomba m'manja. Koma kunsi kwa tchati cha tsiku ndi tsiku kunali kamzere kena kamene kankanena zosiyana. Kamzereka kanakwera kwambiri mu Januwale, ndipo pa nsonga zitatu zotsatirazo sikanafikenso pomwe kanafika poyamba. Kamzereka ndi RSI, ndipo kusemphana kotereku n'kumene amalonda odziwa amakutchera khutu.

RSI anaiyambitsa ndi J. Welles Wilder wa ku America, m'buku lake la mu 1978. Imayenda pakati pa 0 ndi 100, ndipo pa TradingView kapena MetaTrader mumaipeza itatcheredwa kale pa 14, kutanthauza makandulo 14, kaya ndi a maola, a masiku kapena a masabata. Mawerengedwe ake ndi awa:

```
RSI = 100 - 100 / (1 + RS)
```

RS ndi avareji ya kukwera kwa mtengo mukaigawa ndi avareji ya kutsika. Tiyerekeze kuti pa masiku 14 avareji ya kukwera ndi madola 300, ya kutsika ndi 100. RS ndi 3, ndipo RSI ndi 75. Patapita mwezi mtengo wadutsa nsonga yakale, inde, koma wayenda mobwererabwerera: kukwera kudakali 300, kutsika kwafika 200. RS ndi 1.5, RSI ndi 60. Chinsinsi chonse chagona apa. Ogula akupambanabe, koma ogulitsa ayamba kubweza mwamphamvu kuposa kale. Zili ngati wakabaza pa chitunda: njinga ikupitabe mmwamba, koma mukayang'ana mapedulo muona kuti kupalasa kwayamba kulemera.

Pofufuza kusemphana, sankhani nsonga ziwiri za mtengo zooneka bwino, zokhala ndi chigwa chenicheni pakati pake, osati tizitunda ta makandulo awiri. Kenako tsikani molunjika pa RSI ya masiku omwewo. Nsonga yachiwiri ya mtengo ikakhala pamwamba, ya RSI pansi, mphamvu ya ogula ikuchepa. Chizindikirochi chimalemera kwambiri ngati nsonga yoyamba ya RSI inadutsa 70. Msika ukamagwa zimatembenuka: mtengo umafika pansi kuposa kale, koma RSI, yomwe inali kunsi kwa 30, siitsikanso mpaka pomwe inafika.

Vuto, lomwe ophunzitsa ambiri amangolidutsa, ndi lakuti kusemphana sikunena tsiku. Taonaninso Bitcoin ija. Kusemphana kunaoneka kale mu Febuluwale. Amene anabetcha pompo kuti mtengo ugwa anauona ukukwera kawirinso, mu Malichi ndi mu Epulo, ndipo wochita malonda ndi ndalama zobwereka kwa buloka akanatha kupukutidwa zonse kugwa kusanayambe. Msika wamphamvu umatha kusemphana ndi RSI katatu kapena kanayi. Nthawi zina suugwa n'komwe: umangoyenda cham'mbali milungu ingapo, n'kuyambiranso kukwera.

N'chifukwa chake ine ndimati mtengo weniweniwo ndiwo uyenera kuchitira umboni. Chakumapeto kwa Malichi 2021 Bitcoin inali itabwerera mpaka pafupi ndi 50,000 isanakwerenso. Chigwa chimenecho ndicho chinali malire. Epulo asanathe mtengo unaboola malirewo n'kufika cha m'ma 47,000. Mu Meyi unadzukanso mpaka pafupi ndi 59,000, koma unalephera kufika pa nsonga ya Epulo. Chigwa chotsika, nsonga yotsika: apa zimene RSI inkanena kwa miyezi itatu zinatsimikizika. Pa 19 Meyi mtengo unagwera pafupi ndi 30,000. Wodikira umboni anasiya phindu lina pa tebulo, n'zoona, koma anachita zinthu ali ndi chifukwa chogwirika komanso akudziwa poika malire a luza yake, pamwamba pa nsonga yomaliza.

Tchati cha mphindi zisanu chimatulutsa kusemphana kambirimbiri patsiku, ndipo kochuluka n'kopanda pake. Cha tsiku kapena cha sabata n'chodalirikako. Samalaninso ndi masheya amene sagulidwa pafupipafupi, monga ena a pa msika wa masheya wa ku Blantyre, omwe mtengo wake umatha kukhala masiku osasuntha. Pamenepo kugula kumodzi kokha kungaponyere RSI kumwamba popanda tanthauzo lililonse.

Choncho mukaona kusemphana, musathamangire kubetcha motsutsana ndi msika. Lekani kuonjezera zogula, lembani mzere pa chigwa chomaliza, ndipo dikirani kandulo itseke kunsi kwa mzerewo musanadine batani.