Makanema khumi tsiku limodzi: ntchito imayambira papepala

Amene amagulitsa ntchito zawo kudzera pa TikTok, Facebook kapena WhatsApp amadziwa kuti kanema wa mphindi imodzi amatha kudya theka la tsiku. Kuyankhula pakamera sikutenga nthawi. Imathera posaka chovala, kuchotsa zinthu zosafunika kumbuyo, kuimika foni, kudikira kuti njinga yamoto idutse, ndi kuganiza chonena uli chiimire. Zonsezi ukazichita tsiku ndi tsiku, ntchito imene imakudyetsa imaima. N'chifukwa chake ambiri amapatula tsiku limodzi lojambula makanema a milungu ingapo. Koma tsiku lotere limayenda bwino pokhapokha munthu atalemberatu zonena zake zonse, n'kuzisanja potsata malo ndi zovala.

Titenge chitsanzo cha mayi wosoka zovala amene akufuna makanema 10 ophunzitsa makasitomala ake. Masiku awiri kapena atatu lisanafike tsiku lojambula, amakhala pansi n'kulemba masikiripiti 10, lililonse papepala lakelake. Pepala lililonse limanyamula mfundo imodzi yokha: chiganizo choyamba chogwira woonera, kenako phunziro lenilenilo, pomaliza chimene akufuna kuti woonera achite. Akalemba amawerenga mokweza ataika wotchi, chifukwa mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo mizere yooneka yochepa papepala imatha kupyola mphindi. Pomwe lilime lakodwa, amasintha mawuwo nthawi yomweyo, osadikira kuti akavutike nawo kamera ikuyaka.

Pamwamba pa pepala lililonse amalemba nambala, malo, chovala ndi zipangizo. Tinene kuti zatuluka motere. Kushopu kuli makanema anayi: 1, kuyeza chiuno, atavala diresi yachitenje, 4, kuika zipi, ndi 8, kufupikitsa thalauza, atavala bulauzi yoyera, 7, kuthira mafuta makina osokera, atavala tisheti. Kumsika kuli atatu: 2, kusankha nsalu, 5, kudziwa mamita okwanira diresi, 10, kuzindikira ulusi wolimba. Kunyumba kuli atatu: 3, kuchapa chitenje chatsopano, ndi 6, kusita, atavala tisheti, 9, kuyanika pamthunzi, atavala diresi. A kumsika onse wawapatsa bulauzi, popeza kumeneko kulibe malo abwino osinthira zovala.

Mayiyu atati ajambule motsata manambala, kuyambira 1 mpaka 10, angasamuke malo kasanu ndi katatu ndi kusintha zovala kasanu ndi kawiri. Dzuwa lingalowe asanafike pakati. Akaunjika mapepalawo milu itatu potsata malo, kusamuka kumatsala kawiri kokha. Malo ndiwo amayamba kusanjidwa chifukwa ndiwo odula: kusintha bulauzi ndi mphindi zisanu, koma kusamuka kumafuna minibasi, kunyamula katundu, kuimikanso foni ndi kuyesanso kuwala ndi mawu. Opanga mafilimu aakulu amachitanso chimodzimodzi, amamaliza zonse za pamalo amodzi asanachoke, ngakhale zina zikhale za kumapeto kwa nkhani.

Funso lotsatira ndi lakuti mulu uti uyambe, ndipo apa amalamula ndi dzuwa ndi phokoso. Kumsika n'kwabwino m'mawa, ogulitsa atangoyala katundu, anthu asanachuluke, mawailesi asanakwezedwe. Masana dzuwa likakhala pamutu limaika mithunzi yakuda m'maso ndi kunsi kwa mphuno, choncho imeneyo ndi nthawi yolowa m'shopu, nkhope itayang'ana kuwindo kapena kukhomo, osati kulifulatira. Madzulo cha m'ma 4 koloko kuwala kumafewa, ndiye nthawi ya pakhonde ndi pachingwe choyanikira. Kwathu kuno mdima umagwa msanga, cha m'ma 6 koloko, ndipo amene wachedwa kufika pamulu womaliza amapeza makanema ake akuda ndi a timadontho.

Pamenepo m'pomwe amasanja zovala mkati mwa mulu uliwonse, ndipo luso lake ndi kulumikiza: chovala chimene watsirizira malo ano chikhale choyambira malo otsatira. Mayiyu amachoka kumsika atajambula 2, 5 ndi 10 ali m'bulauzi, n'kupitiriza nayo kushopu pa 4 ndi 8. Amavala diresi pa 1, kenako tisheti pa 7, pomwe mafuta a makina angadonthere popanda kudandaula. Ndi tisheti yomweyo amafika kunyumba n'kuyamba ndi 6, kusita, chifukwa akayamba ndi kuchapa anyowa. Akamaliza 3 amavalanso diresi pa 9. Kusintha zovala kwatsika kufika katatu. Lamulo lake n'losavuta kukumbukira: zodetsa ndi zonyowetsa zibwere pomaliza pa chovala chilichonse.

Nthawi nayo imafuna kuwerengera mosanamizana. Kanema wa mphindi imodzi mum'patse mphindi 20, chifukwa mudzabwereza kangapo ndi kujambulanso manja ali pantchito chapafupi. Makanema 10 ndiye maola atatu ndi mphindi 20, kuphatikizanso ulendo, nkhomaliro ndi ola limodzi losiyira zadzidzidzi. Usiku wake zovala zisitidwe, zipangizo za mulu uliwonse zilowe m'jumbo yakeyake, foni ndi pawabanki zidzaze, popeza magetsi sapangana. Muonenso malo m'foni: pa 1080p mphindi imodzi imadya pakati pa 60 ndi 130 MB malinga ndi foni, ndiye kujambula kwa ola lathunthu kungafune mpaka 8 GB. Mwini benchi ya kumsika apemphedweretu dzulo lake.

Zolakwika zambiri zimaonekera tsiku lodula makanema, pamene kubwerera kuli kovuta. M'foni mumapezeka tizidutswa tambirimbiri tofanana, osadziwa kuti aka n'ka nambala iti. Mankhwala ake ndi kuonetsa pepala la nambala kukamera musanayambe kuyankhula. Musanachoke pamalo, onerani kamodzi zomwe mwajambula mutavala mahedifoni, chifukwa mphepo ndi phokoso la jenereta sizimveka bwino pasipika ya foni. Mujambulenso chithunzi cha mmene mwavalira, ndolo ndi duku zomwe, kuti mukafuna kuwonjezera kachidutswa mawa zisasiyane. Kutopa nako kumaonekera: mawu amatsika, nkhope imagwa. Choncho pa mulu uliwonse yambani ndi sikiripiti yovuta.

Mndandanda wojambulira si mndandanda wotulutsira. Makanema asanu a mayiyu ali m'bulauzi imodzi, ndipo atatuluka motsatizana oonera angaganize kuti akuona wakale n'kungodutsa. Akawatulutsa motere, 2, 7, 4, 1, 5, 3, 8, 9, 10, 6, palibe awiri otsatizana a chovala chimodzi, ndipo kuchapa, kuyanika ndi kusita zikubwerabe m'dongosolo lake. Pa makanema atatu pamlungu, amenewa amukwanira milungu itatu n'kutsala mmodzi.

Njirayi ili ndi malire ake. Imayenera maphunziro amene sakalamba, monga kuika zipi. Mitengo ya nsalu, katundu wongofika kumene ndi mayankho a mafunso a makasitomala sizisungika milungu itatu, ndipo mawu ngati "lero" kapena "mawa" asalowe m'sikiripiti yotuluka mtsogolo. Zoterezo zijambulidwe tsiku lake lomwelo. Ndipo amene akuyesa koyamba ayambe ndi masikiripiti asanu, malo awiri ndi zovala ziwiri, alembe nthawi imene aliyense watenga, kuti akadzafika pa 10 akhale akuwerengera ndi liwiro lake lenileni.