Zala zinayi zokuthandizani kuloweza muyeso wa mpweya wa m'mapapo

Ngakhale mutatulutsa mpweya mwamphamvu chotani, mpaka m'mimba kuphwa ndi maso kufiira, m'mapapo mwanu mumatsalabe mpweya woposa lita imodzi. Mpweya umenewu sutuluka, ndipo ndi umodzi mwa miyeso isanu ndi itatu imene ophunzira bayoloje, unamwino ndi udokotala amayenera kuidziwa. Ambiri amailoweza ngati mndandanda wa mayina ndi manambala, koma tsiku la mayeso likafika zonse zimangosokonekera m'mutu. Chinsinsi chake n'chakuti zoyenera kuloweza ndi zinayi zokha. Zinayi zinazo zimapezeka pongophatikiza zoyambazo, ndipo dzanja lanu lomwelo likhoza kukukumbutsani zonse.

Yambani ndi chifuwa chanu

Musanatsegule buku, khalani tsonga pampando, mupume monga mwa nthawi zonse. Mpweya umene ukulowa ndi kutuluka popanda kuuganizira ndiwo muyeso woyamba. M'mabuku amautcha taido voliyumu, ndipo chidule chake ndi TV. Kwa munthu wamkulu amene akupumula umakhala pafupifupi mamililita 500, ofanana ndi botolo la madzi la theka la lita.

Tsopano kokani mpweya mwa nthawi zonse, koma m'malo moutulutsa, pitirizani kukoka mpaka chifuwa chikane. Woonjezerawo ndi mpweya wa rizevu yokoka, chidule chake IRV, ndipo ndi wochuluka kuposa miyeso ina itatu yoyenera kuloweza, pafupifupi mamililita 3,000. Ndi umene thupi limatapako mukamathamanga kapena kukwera phiri.

Kenako bwererani ku kapumidwe ka nthawi zonse. Mukatulutsa mpweya, musakoke wina msanga, koma finyani m'mimba kuti mutulutse wina mpaka mulephere. Umenewo ndi wa rizevu yotulutsa, ERV, pafupifupi mamililita 1,100. Mukafika pamenepo mumamva ngati m'chifuwa mulibe kanthu, chonsecho mwatsala mamililita pafupifupi 1,200. Wotsalirawu ndiye rezijuwo voliyumu, RV. Sutuluka chifukwa nthiti zili ndi malire a pomwe zingapanikizike, komanso timachubu tating'ono ta m'mapapo timatsekeka tikafinyidwa kwambiri. Ubwino wake ndi wakuti timatumba ta mpweya sitimatirirana, ndipo magazi amapitiriza kutenga okosijeni ngakhale pakati pa kupuma kumodzi ndi kunzake.

Manambala amenewa ndi a mwamuna wachinyamata wa thanzi labwino ndi msinkhu wapakati. A amayi amacheperapo ndi 20 mpaka 25 peresenti, ndipo munthu wamtali amakhala ndi mapapo olowa mpweya wambiri kuposa wamfupi.

Ikani miyeso inayi pa zala

Tambasulani dzanja lamanzere patsogolo panu mopingasa, chikhatho chiyang'ane kwa inu, kuti zala zinayi zisanjikizane kuchokera pamwamba kutsika pansi. Chala chachikulu chisiyeni. Chamkombaphala, chimene chili pamwamba, ndi IRV. Chapakati ndi TV. Chotsatira, chovala mphete chija, ndi ERV. Chaching'ono, chimene chili pansi pa zonse, ndi RV. Dongosolo limeneli si longopeka, chifukwa ndi mmene miyesoyi imasanjikira pa chithunzi cha kapumidwe chimene chili m'mabuku: kudzaza mapapo kuli kumwamba, kuwakhuthula kuli kumunsi.

Manambala atchuleni mofupikitsa, m'malita, mukugwira chala chilichonse: atatu, theka, imodzi, imodzi. Mukazolowera, onjezani timanambala totsala pa ziwiri zomalizazo, 1.1 ndi 1.2, pokumbukira kuti chapansi ndicho choposako pang'ono. Chenjezo ndi lakuti kutalika kwa chala sikusonyeza kukula kwa muyeso. Chala chapakati ndi chachitali kuposa zonse, koma TV ndiye muyeso wochepetsetsa.

Kuphatikiza zala zoyandikana

Miyeso inayi inayo imatchedwa makapasite. Kusiyana kwake ndi kosavuta: voliyumu ndi chala chimodzi, kapasite ndi zala ziwiri kapena zoposerapo zoyandikana. Palibe kapasite yolumpha chala.

Gwirani zala ziwiri zapamwamba. Umenewo ndi mpweya wonse umene mungathe kukoka kuyambira pomwe mwatsirizira kutulutsa mwa nthawi zonse, ndipo chidule chake ndi IC. Gwirani ziwiri zapansi. Umenewo ndi mpweya umene umakhala m'mapapo mukatulutsa mwa nthawi zonse, FRC. Zala zitatu zapamwamba ndi mpweya wonse umene munthu angathe kuutulutsa atadzaza mapapo kotheratu, VC. Zala zonse zinayi ndi mpweya wonse umene mapapo angasunge, TLC. Pa pepala zimaoneka motere, m'mamililita:

```
IC  = IRV + TV        = 3500
FRC = ERV + RV        = 2300
VC  = IRV + TV + ERV  = 4600
TLC = VC + RV         = 5800
```

Pamenepa pali njira yodziyesera nokha. Ziwiri zapamwamba ndi ziwiri zapansi zikaphatikizidwa ziyenera kupereka dzanja lonse: 3,500 kuphatikiza 2,300 ndi 5,800. Zitatu zapamwamba ndi chimodzi chapansi ziyeneranso kupereka 5,800. Ngati mayankho awiriwa asiyana, ndiye kuti mwalakwitsa penapake, ndipo mwadziwa zimenezi popanda kuyang'ana m'buku.

Chala chimene makina sachiona

Chida choyezera kapumidwe chimatchedwa sipairomita. Dokotala wa ku England, John Hutchinson, anafalitsa zotsatira za chida chake mu 1846 atayeza anthu oposa 2,000, ndipo ndi iye anaonetsa kuti VC imakula molingana ndi kutalika kwa munthu. Chida chakecho chinali chigubu chozondotsedwa m'madzi chimene chinkakwera munthu akauziramo. Zida za masiku ano ndi zamagetsi, zina zokwana m'manja, koma malire ake ndi omwewo: zimayeza mpweya wodutsa pakamwa basi.

Choncho pindani chala chaching'ono chija. Mpweya wotsalira sudutsa pakamwa, ndiye sipairomita singauyeze. Kapasite iliyonse imene ili ndi chala chopindidwacho nayonso singayezedwe ndi chidachi, ndipo zimenezo ndi FRC ndi TLC. Funso limeneli aphunzitsi amalikonda, ndipo yankho lake lili m'dzanja. Kuti apeze miyeso itatuyi, akatswiri amagwiritsa ntchito njira zina. Imodzi ndi yopumitsa munthu mpweya wa heliyamu wodziwika kuchuluka kwake, n'kuona mmene wasungunukira mu mpweya umene unali kale m'mapapo. Ina ndi yomukhazika m'kachipinda kagalasi kotsekedwa bwino, n'kumayeza mmene mphamvu ya mpweya ikusinthira iye akamayesa kupuma.

Tiyese funso limodzi

Tiyerekeze kuti pa mayeso mwapatsidwa manambala awa a munthu wina: TLC ndi 6,000, VC ndi 4,800, IC ndi 3,600, ndipo TV ndi 500. Akufuna mupeze RV, IRV, ERV ndi FRC.

Musayambe ndi kusakasaka fomula m'mutu. Jambulani mabokosi anayi osanjikizana, kapena ingoyang'anani dzanja. Zala zonse ndi 6,000, zitatu zapamwamba ndi 4,800, ndiye chapansi chatsala ndi 1,200. Imeneyo ndi RV. Ziwiri zapamwamba ndi 3,600, ndipo chapakati chokha ndi 500, kotero chamkombaphala ndi 3,100, IRV. Zitatu zapamwamba kuchotsapo ziwiri zapamwamba, 4,800 kuchotsa 3,600, zikutisiyira chachitatu, ERV ya 1,200. Ziwiri zapansi, 1,200 ndi 1,200, ndi FRC ya 2,400. Potsimikiza, phatikizani IC ndi FRC: 3,600 ndi 2,400 zikupereka 6,000, monga funso linanenera.

Onani kuti manambala a funsoli si omwe tinaloweza aja. Mabuku amasiyana pang'ono, ena amalemba ERV ya 1,200, ena TLC ya malita 6. Amene analoweza manambala okha amadodoma akaona achilendo, pomwe amene akudziwa kasanjidwe ka zala amangochotsera ndi kuphatikiza.

Pomwe ambiri amapunthwa

Cholakwika chofala ndi kusokoneza VC ndi TLC, poganiza kuti mpweya wonse umene munthu angatulutse ndiwo mpweya wonse wa m'mapapo. Kusiyana kwake ndi chala chimodzi, chopindidwa chija. China ndi kuwerengera TV kawiri, kapena kuilowetsa m'marizevu. Rizevu yokoka imayambira pomwe kukoka kwa nthawi zonse kwathera, ndipo yotulutsa imayambira pomwe kutulutsa kwa nthawi zonse kwathera. TV ili pakati, payokha. Chachitatu ndi kusokoneza RV ndi mpweya umene umathera m'njira, m'mphuno, pakhosi ndi m'machubu akuluakulu. Umenewo ndi mamililita pafupifupi 150 mwa 500 aja, ndipo sufika m'timatumba momwe magazi amatengera okosijeni. Ndi gawo la TV, osati muyeso wachisanu.

Njira yabwino yokhazikitsira zonsezi m'mutu ndi kufunsa chala chimene chimasintha thupi likasintha. Pa matenda otsekereza njira za mpweya, monga amene amabwera chifukwa chosuta fodya kapena kupuma utsi wa nkhuni kwa zaka zambiri, mpweya umalowa koma umavuta kutuluka. Wotsalira umachuluka, choncho RV ndi FRC zimakwera. Pa matenda oumitsa mapapo ndi zipsera, mapapo satambasuka mokwanira, ndipo TLC ndi VC zimatsika. Mayi woyembekezera, mimba ikakula, chiberekero chimakankhira m'mwamba mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndiye ERV ndi FRC zimachepa, pomwe TV imakwera. Munthu akamakalamba RV imakwera, VC imatsika, koma TLC sisintha kwenikweni.

Pomaliza, kuwerenga tsamba lomwelo mobwerezabwereza kumanyenga, chifukwa maso akazolowera chithunzi munthu amayesa wachidziwa. Tsekani buku, tengani pepala lopanda kanthu, mujambule mabokosi anayi ndi manambala ake, kenako mizere inayi ya makapasite m'mbali. Mukatha, yerekezani ndi buku ndipo muike chizindikiro pomwe mwaphonya. Bwerezani mawa lake, kenako pakapita masiku atatu, kenako pakatha sabata. Ngati muli ndi mnzanu wophunzira naye, azikupatsani manambala anayi a m'mutu mwake, inu muzipeza otsalawo. Mukafika pojambula chithunzi chonse mosakwana mphindi imodzi, ndi kunena mosadodoma miyeso itatu imene sipairomita singayeze, mutu umenewu mwaumaliza.