Maina awiri pa botolo limodzi: zomwe alimi a mtedza aphunzira kwa eni masitolo akuluakulu

Mtedza wa ku Nsaru, kumadzulo kwa boma la Lilongwe, kawirikawiri umachoka m'manja mwa mlimi ulibe dzina. Mavenda amaugula pa sikelo, umasakanikirana ndi wa ku Namitete kapena wa ku Nambuma, ndipo pofika mumzinda palibe amene angaloze munda umene unachokera. N'chifukwa chake magulu a alimi amene amakazinga mtedza, kusinja nsinjiro kapena kupanga chiponde amalakalaka kuona dzina lawo pa shelefu ya sitolo yaikulu.

Njira yolowera m'sitolo zotere ili patatu. Gulu likhoza kugulitsa katundu m'dzina lake lokha. Likhozanso kupangira sitolo katundu amene adzalembedwe dzina la sitoloyo, wopanga osatchulidwa n'komwe. Njira yachitatu ndi yakuti maina onse awiri aonekere pa paketi imodzi, la sitolo ndi la wopanga. Imeneyi imaoneka yokomera mbali zonse, koma ili ndi vuto lake: katundu akamayenda bwino, wogula amakumbukira dzina lalikulu, ndipo akalakwika, chala chimaloza dzina laling'ono.

Mtedza wa ku Mchinji m'masitolo a ku Mangalande

Chitsanzo chodziwika bwino chili pafupi ndi Nsaru, kungodutsa mtsinje wa Bua. Mu 2004, gulu la alimi a ku Mchinji la MASFA, lomwe ndi nthambi ya bungwe la NASFAM, lidalandira chiphaso cha Fairtrade, ndondomeko imene imafuna kuti mlimi azilandira mtengo woyenera komanso ndalama ina yapadera yotukulira dera lake. Pothandizana ndi bungwe la Twin la ku London, mtedza wa alimiwa udayamba kugulitsidwa ku Mangalande. Ina mwa ndalama zapaderazo idamangira malo ogona anthu odikirira odwala pa chipatala chachikulu cha boma la Mchinji.

Koma m'masitolo akuluakulu monga Tesco ndi Sainsbury's, mtedza wa Fairtrade unkapakidwa m'mapaketi a dzina la sitolo. Wogula ankaona dzina la sitolo yake ndi chizindikiro cha Fairtrade. Dzina la gulu la alimi silimene linkamukopa. Tanthauzo lake n'lakuti sitolo ikanatha kupeza mtedza kwina, paketi n'kukhala yomweyo, wogula osazindikira kuti china chasintha.

Kampani ya Liberation Foods, yomwe idakhazikitsidwa mu 2007, idayesa kutseka mpata umenewu. Gawo la umwini wake lidapita kwa magulu a alimi a m'maiko angapo, kuphatikizapo a ku Malawi kuno. Kampaniyi idapitiriza kupakira masitolo mtedza wa m'maina awo, koma idakhalanso ndi mtedza wa dzina lakelake. Idagwirizananso ndi katswiri wa nthabwala wa ku Mangalande, Harry Hill, pa mtedza wotchedwa Harry's Nuts. Nzeru yake inali yakuti alimi asadalire dzina la mwini sitolo lokha, koma akhale ndi lina limene ali ndi mawu pa ilo.

Kuti mantha otere si ongopeka zidaoneka mu 2017, pa tiyi. Chaka chimenecho Sainsbury's idachotsa chizindikiro cha Fairtrade pa ena mwa mapaketi a tiyi wa dzina lake n'kuikapo mawu ake akuti Fairly Traded. M'ndondomeko yatsopanoyo, ndalama yapadera ija sinalinso yoti alimi azigamula okha ntchito yake, koma ankayenera kupempha kwa komiti ya ku London. Magulu a alimi a tiyi a mu Africa adakana poyera, ndipo Malawi linali limodzi mwa maiko okhudzidwa. Apa zidaoneka kuti mwini paketi ndiye mwini nkhani imene imalembedwa pa paketiyo, ndipo akhoza kuisintha pamene wafunira.

Chimene sitolo imaopa ndi chuku

Nayo sitolo yaikulu imaika khosi lake pa mpeni ikalola dzina lake kukhala pa katundu amene sidamuone akupangidwa. Pa mtedza, mdani wamkulu ndi chuku. Nkhungu imeneyi imatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini, amene amawononga chiwindi ndipo amatha kuyambitsa khansa. Maiko a mu mgwirizano wa ku Ulaya salola mtedza woti anthu adye ngati poizoniyu wapitirira magawo 4 pa magawo 1 biliyoni, kapena kuti magalamu 4 okha m'matani 1,000 a mtedza. Chuku ndi chimodzi mwa zinthu zimene zidalanditsa dziko lino msika wa mtedza wa ku Ulaya, umene lidali nawo m'zaka za m'ma 1970.

Chuku amalowa mtedza ukakumana ndi ng'amba uli pafupi kukhwima, ukayanikidwa padothi, ukasungidwa usanaumitsitse, kapenanso anthu akauwaza madzi kuti usavute kuswa. Kukazinga sikuthetsa poizoniyu. Choopsa kwambiri n'chakuti mtedza wosagaya munthu amatha kuusankha, n'kuchotsa wofota, wosweka ndi wosintha mtundu, koma ukalowa m'chigayo n'kusanduka chiponde, zoipa zonse zimabisala. Njere zochepa zowola zimakwanira kuipitsa mabotolo ambiri, ndipo pokhapokha chiponde chitayezedwa ku labotale m'pamene vutoli lingadziwike.

Chiponde cha dzina la wopanga yekha chikapezeka ndi vuto, sitolo imangochichotsa pa shelefu n'kuikapo china. Koma chikakhala ndi dzina la sitolo, wogula amayamba kukayikira ufa, mpunga ndi china chilichonse cholembedwa dzina lomwelo. Ichi n'chifukwa chake sitolo imene yavomera maina awiri imafuna chiphaso cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, imafuna kuyendera malo opangira, ndipo imalemba mu mgwirizano kuti ili ndi ufulu wobweza katundu.

Momwe vuto limayambira

Mwachitsanzo chabe, gulu la alimi la ku Nsaru likhoza kumapanga mabotolo 2,000 a chiponde pamwezi, n'kumagulitsa limodzi pa K4,000 m'magolosale ang'onoang'ono. Sitolo yaikulu ya mumzinda wa Lilongwe ikulonjeza kumatenga mabotolo 1,500 mwezi uliwonse pa K3,200, maina onse awiri ali pa botolo, koma malipiro azibwera pakapita masiku 60. Gululo lisindikiziratu mapepala 10,000 omata pa botolo, okhala ndi dzina la sitoloyo.

Pamene cheke choyamba chikubwera, gulu lija lapereka kale mabotolo osachepera 3,000, omwe ndi ndalama zokwana K9.6 miliyoni zimene zili m'manja mwa sitolo. Magawo atatu mwa anayi a katundu wake tsopano akupita kwa wogula mmodzi, ndipo eni magolosale amene ankadalira gululo ayamba kuoda kwina.

Mayesero enieni amabwera mvula ikagwa. Mtedza umakumbidwa cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo pofika Disembala nkhokwe za mamembala zimakhala zitapepuka. Sitolo siidziwa nyengo: ikufunabe mabotolo ake 1,500. Gulu lopanda ndalama zogulira mtedza wokwanira nthawi yokolola limakakamizika kugula kwa mavenda, mtedza umene silikudziwa momwe udayanikidwira. Pamenepa zinthu ziwiri zawonongeka nthawi imodzi. Khomo la chuku latseguka, ndipo mawu a pa botolo onena kuti chipondecho n'cha mtedza wa alimi a ku Nsaru asanduka bodza. Bodza limeneli likugwera maina onse awiri, ndipo kunamiza ogula ndi nkhani imene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake.

Chiponde chikalephera poyezedwa, kusiyana kwa mphamvu kumaonekera. Sitolo imabweza katundu, imalengeza kuti yasiya kugwira ntchito ndi wopangayo, n'kupeza wina. Gulu la alimi limatsala ndi mabotolo obwezedwa, mapepala omata zikwi zingapo amene silingawagwiritse ntchito kwina popeza ali ndi dzina la eni ake, komanso mbiri yoipa. Sitolo ili ndi katundu wa mitundu yambirimbiri woti ikonzere mbiri yake, pamene gululo lili ndi chiponde chokhacho.

Zoyenera kumanga pangano lisanasainidwe

Choyamba ndi umwini wa dzina. Dzina ndi chizindikiro cha gulu ziyenera kulembetsedwa ku boma, pansi pa lamulo la zizindikiro za malonda la 2018, m'dzina la gululo, zokambirana ndi sitolo zisanayambe. Pangano linene momveka kuti sitolo yangobwerekedwa dzinalo kwa nthawi yakutiyakuti, pa katundu wakutiwakuti, ndipo kuti pangano likatha siingaligwiritsenso ntchito, ngakhale chithunzi cha alimi kapena dzina la dera lawo. Popanda mfundo imeneyi, botolo likhoza kupitiriza kuoneka chimodzimodzi m'kati muli chiponde cha kampani ina.

Chachiwiri ndi kalondolondo wa katundu. Chiponde chilichonse chopangidwa tsiku limodzi chikhale ndi nambala yake pa botolo, ndipo m'kaundula mulembedwe matumba a mtedza amene adagwiritsidwa ntchito ndi mlimi amene adawabweretsa. Botolo limodzi pa nambala iliyonse lisungidwe padera. Zikatero, vuto likapezeka, katundu wobwezedwa amakhala wa nambala imodzi yokha, osati wa miyezi itatu. Botolo losungidwa lija limathandizanso pa mkangano wakuti katundu adawonongekera kuti, kwa wopanga kapena m'nyumba yosungira katundu ya sitolo. Kalondolondoyu amateteza mbali zonse ziwiri mofanana.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa katundu wolonjezedwa. Gulu liwerengere kuchokera pa mtedza umene lingathe kugula kwa mamembala ake ndi kuusunga bwino chaka chonse, osati pa zomwe chigayo chingagaye. Ngati mtedza wodalirika ukukwana mabotolo 800 pamwezi, kulonjeza 1,500 n'kulonjezeratu kuti tsiku lina gulu lidzagula kwa mavenda. Lipewenso mfundo yoliletsa kugulitsa kwina m'dzina lake lokha, pakuti mabotolo a dzina lake ndi amene adzatsale sitolo ikadzasintha maganizo, ikadzagulitsidwa kapena ikadzatsekedwa, monga zidachitikira masitolo a PTC, amene kwa zaka zambiri ankaoneka ngati sangagwe.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati mgwirizano ukumanga dzina la wopanga kapena ukulimeza. Pakapita chaka, ogula akamafunsa chiponde cha gulu lija potchula dzina lake, ngakhale m'golosale ya ku Area 25 kapena pa msika wa Nsaru, ndiye kuti shelefu ya sitolo yaikulu yagwira ntchito yake. Akamangoti akufuna chiponde cha sitolo yakuti, ndiye kuti alimiwo abwerera pamene adayambira: akugulitsanso mtedza wopanda dzina, kungoti tsopano uli m'botolo.