FODYA ATSALE KUNJA, TULO TILOWE M'NYUMBA

Kalaliki wa pa Boma la Kasungu ali ndi mwayi umodzi umene mlimi wa fodya alibe. Nthawi yoweruka ikakwana iye atseka ofesi napita kwawo, ndipo ntchito itsala m'mbuyo. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 linena kuti munthu wolembedwa asapitirire maola 48 pa mlungu popanda malipiro apadera. Koma mlimi wa ku Santhe, ku Chulu kapena ku Wimbe palibe womuimbira belu. Munda, chigafa ndi balani zili pafupi ndi khomo lake, ndipo kuyambira Januwale kufikira msika utatsegulidwa cha m'Epulo, m'mabanja ambiri simudziwika pamene ntchito ithera.

Fodya alowa m'nyumba ya mlimi ndi njira zitatu. Alowa pakhungu la munthu, alowa ndi moto wa usiku, ndiponso alowa m'mutu monga nkhawa ya ngongole. Njira iliyonse ili ndi chitseko chake chimene banja lingathe kutseka.

Chikonga cholowa pakhungu

Anthu ambiri aganiza kuti chikonga chivuta osuta okha. Sikutero ayi. Chikonga chisungunuka m'madzi, kotero tsamba laliwisi lokhala ndi mame kapena lonyowa ndi mvula lipereka chikonga chake kwa munthu wolithyola. Chipita m'manja, m'mikono ndi m'khwapa momwe apanira masamba, ndipo malaya akanyowa apitiriza kudyetsa khungu chikongacho kufikira atavulidwa.

Zotsatira zake kawirikawiri zioneka patapita maola angapo, ndiye kuti madzulo kapena usiku womwewo. Munthu amva mutu, nseru, chizungulire ndi kufooka, ena asanza, ndipo mtima ugunda mosakhazikika. Popeza chikonga chidzutsa thupi, tulo tikana kubwera ngakhale munthuyo watopa kotheratu. Pakhomo amuona ngati waukali chabe, osadziwa kuti wamwa fodya ndi khungu. M'chaka cha 2009 bungwe la Plan linafalitsa zimene linapeza pakati pa ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi, ndipo linati pa tsiku la chinyontho mwana angathe kulandira chikonga chonga cha ndudu 50.

Mankhwala ake ndi madzi, sopo ndi malo ovulira. Mlimi ayenera kukhala ndi zovala za kumunda zapadera, za manja aatali, zimene zipachikidwa ku chigafa osati m'chipinda chogona. Ngati nkutheka ayembekeze mame aume asanayambe kuthyola. Pamene mvula yamukakamiza kuthyola fodya wonyowa, avale chovala chosalowa madzi, ngakhale thumba la pulasitiki loyera lobooledwa pakhosi, ndipo malaya akanyowa asinthe pomwepo osadikira madzulo. Poweruka asambe thupi lonse ndi sopo asanagwire nsima kapena kunyamula mwana.

Chimodzimodzi fodya wouma. Chifukwa choopa akuba, ena aunjika fodya m'chipinda chogona ndi kusankhira pabalaza. Fumbi lake litsokomoletsa ana usiku wonse, ndipo bambo akatsegula maso chinthu choyamba kuona ndi ntchito yosatha. Kachipinda kapadera kokhala ndi chitseko ndi loko, kapena mbali imodzi ya chigafa yotchingidwa bwino, ndiwo malo ake a fodya.

Matenda a chikongawa amatha okha patapita tsiku limodzi kufikira atatu munthu akapuma ndi kumwa madzi ambiri. Koma afanana ndi malungo ndiponso ndi kuledzera mankhwala opopera. Tsono ngati thupi latentha, ngati kusanza sikuleka, kapena ngati munthuyo anapopera mankhwala tsiku lomwelo ndipo akutuluka dovu ndi thukuta lambiri, apite naye kuchipatala msanga.

Moto wa m'balani

Wolima bale apachika fodya wake m'chigafa nagona, pakuti mphepo ndiyo imuumitsira. Koma dziko la Kasungu lidziwika kuyambira kale ndi fodya wowotcha m'balani, ndipo fodya ameneyu afuna moto usana ndi usiku kwa masiku asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. Masiku awiri oyamba moto ukhala wochepa, madigiri 35 kufikira 38, kuti tsamba lisanduke lachikasu. Pambuyo pake kutentha kukwezedwa pang'onopang'ono kufika cha m'ma 55 kuti tsamba liume, ndipo potsiriza kufika cha m'ma 70 kuti msempha wa pakati uume. Balani ikangotsitsidwa, fodya wina wapsa kale kumunda ndipo ayembekeza kulowa.

Apa ndipo alimi ambiri adzipha. Mwini fodya sakhulupirira wina aliyense, kotero achezera yekha pamoto usiku, kukacha apita kukathyola. Munthu wamkulu afuna maola asanu ndi awiri a tulo kapena kuposapo. Akatswiri a ku Australia anaonetsa m'chaka cha 1997 kuti munthu wokhala maso maola 17 alakwitsa zinthu monga munthu amene wamwako mowa. Nanga wokhala maso usiku utatu?

Zolakwa za mlonda wotopa zioneka patsamba lomwe. Akasonkhezera kwambiri pa masiku oyamba pofuna kuti agoneko, tsamba liuma likali lobiriwira ndipo silidzasinthanso. Akagona moto nkuzima pamene msempha ukuuma, madzi a mumsempha abwerera m'tsamba nalidetsa m'mbali mwa msemphawo. Akadzidzimuka ndi kuponya nkhuni zambiri kuti abweze kutentha, tsamba lifiira, ndipo nthawi zina balani yonse ipsa. Fodya wotere akafika ku Chinkhoma kapena ku Kanengo agulidwa pa mtengo wapansi. Kotero kuchezera kumene mlimi aganiza kuti kupulumutsa fodya ndiko kumuwononga.

Tiyerekeze banja la balani imodzi lokhala ndi akulu atatu: bambo, mng'ono wawo ndi wantchito mmodzi. Usiku uli ndi maola 12, kuyambira 6 koloko madzulo kufikira 6 koloko m'mawa. Akaugawa patatu, woyamba alonda kufikira 10 koloko, wachiwiri kufikira 2 koloko, wachitatu kufikira kucha. Aliyense alonda maola anayi okha. Wapakati ndiye avutika chifukwa tulo take tiduka pawiri, tsono malo amenewo azisinthana usiku uliwonse. Woyamba amupititsire nsima ku balani, koma mawa lake adzadya ndi ana ake.

Akakhala awiri okha, agawane pa 12 koloko. Wachiwiri agone atangodya, ndipo masana apatsidwe ola limodzi kapena awiri kuti agone pamthunzi m'malo mopita kumunda. Munthu amene walonda asakwere pamwamba m'balani kukapachika fodya asanagoneko.

Chimene chilola bambo kugona ndi mtima pansi ndi sileti. Pakhomo la balani pakhale sileti kapena kope, pamwamba palembedwe kutentha kofunika usiku umenewo monga mwa malangizo a alangizi. Mlonda aziwerenga choyezera kutentha ola lililonse ndi kulemba nambala yake. Agwirizanenso kuti bambo adzutsidwe pokhapokha kutentha kwasiyana ndi kofunikako ndi madigiri atatu kapena kuposapo. Nkhuni zidulidwe ndi kuunjikidwa pafupi ndi ng'anjo dzuwa lisanalowe. M'mawa bambo aona pasileti zonse zimene zinachitika iwo ali m'tulo. Akale anati mutu umodzi susenza denga, ndipo balani ndi denga lolemera.

Ana asalowe m'gawo limeneli. Lamulo liletsa mwana wosakwana zaka 18 kugwira ntchito zoopsa, ndipo aphunzitsi adziwa bwino mwana amene wachezera pamoto, pakuti asinza m'kalasi phunziro loyamba lisanathe. Mphunzitsi woona zotere achita bwino kukacheza ndi makolo.

Ngongole pamphasa

Njira yachitatu siioneka ndi maso. Alimi ambiri masiku ano alima pa mgwirizano ndi makampani ogula fodya, ndipo feteleza ndi mbewu alandira pa ngongole imene idulidwa fodya akagulitsidwa. Mlimi agwira ntchito kuyambira pa nazale mu Seputembala, koma ndalama adzaziona patapita miyezi isanu ndi iwiri kapena kuposapo. Masana manja ali otanganidwa ndipo mutu upuma. Usiku manja akapuma, mutu uyamba kuwerenga mabelo. Chiwerengero cha m'mutu chilibe mathero, pakuti munthu akafika kumapeto waiwala poyambira, nayambanso.

Chitseko chake ndi kope ndi pensulo, dzuwa likalipo. Atasamba, asanadye, mlimi akhale pansi mphindi khumi ndi kulemba ntchito zitatu za mawa, ndi yemwe adzagwire iliyonse. Kopelo litsekedwe ndi kusiyidwa kumene kuli fodya. Ganizo lina likabwera usiku, adziuze kuti malo ake ndi m'kope, mawa.

Nkhani ya ndalama ipatsidwe tsiku lake, kamodzi pa mlungu, masana, bambo ndi mayi ali limodzi. Alembe ngongole yonse, malipiro a antchito, mtengo wa ziguduli ndi wa galimoto yonyamula mabelo. Kenaka awerenge makilogalamu amene ayembekeza, pa mtengo wotsika osati wokwera. Chiwerengero chikaipa, ndi bwino kuchidziwa mu Febuluwale, pamene nkotheka kukambirana ndi a kalabu kapena alangizi, kusiyana ndi kuchiopa mumdima kufikira Meyi. Mayi amene asoka ndi kusankha fodya tsiku lonse kenaka nkuphika ali nayo nkhawa yomweyo, ndipo kumubisira ziwerengero sikumupatsa tulo.

Pa nsima ya madzulo pakhale pangano lakuti za fodya sizinenedwa. Ana afotokoze za kusukulu, agogo aimbe nthano. Foni imene ibweretsa mbiri ya mitengo ya ku okushoni iikidwe patali, pakuti mtengo womveka usiku palibe angausinthe kusanache. Tiyi wamphamvu amwedwe m'mawa. Kachasu agonetsa msanga, koma adzutsa munthu pakati pa usiku, ndipo tulo take n'topepuka.

Pamene izi sizikwanira

Masiku ena mvula kapena fodya wopsa nthawi imodzi ziphwanya dongosolo lonse, ndipo usiku umodzi woipa suwononga munthu. Koma ngati wina pabanja wakhala milungu iwiri osagona bwino, wasiya kudya, sakondwa ndi kanthu, kapena wayamba kumwa tsiku ndi tsiku, amenewo ndi matenda ofuna chipatala monga ena onse. Akayamba kunena mawu otsanzika kapena akuti kuli bwino kufa kusiyana ndi ngongole, abale asamusiye yekha, achotse mankhwala onse a kumunda ndi kuwatsekera, ndipo apite naye tsiku lomwelo ku chipatala chaching'ono chapafupi kapena ku chipatala chachikulu cha pa Boma la Kasungu.

Nthawi yabwino yokonza zonsezi ndi Disembala, fodya asanayambe kupsa. Pa msonkhano wa kalabu wa mwezi umenewo alimi oyandikana angathe kupangana za kulonderana moto, ndipo aphunzitsi apemphedwa kuwerengera nkhaniyi anzawo osatha kuwerenga.