Kakalata ka Wophika: Kutenthetsanso Chakudya Osadwala

Anthu ophikira maukwati ndi misonkhano amadziwa kuti ntchito yawo siithera pa kupereka miphika. Chakudya chikafika masana koma chodyedwa madzulo, ngozi imakhala pa kusunga ndi kutenthetsanso. Nchifukwa chake wophika wosamala amaphatikizapo kakalata konga aka:

"Mayi, zikomo potidalira. Mpunga, nkhuku ndi ndiwo zamasamba zimene tabweretsazi muziike mufiriji pasanathe maola awiri, koma mpunga ulowe msanga pasanathe ola limodzi. Muzigawe m'mbale zosazama kuti zizizire mofulumira.

"Potenthetsa, tengani zokhazo zimene mudye. Nkhuku muiike mumphika ndi msuzi wake, muvundikire, itenthe mpaka pakati pa nyama pafike madigiri 75. Ngati mulibe choyezera, dulani nthuli yaikulu muone ngati mkati mukutuluka nthunzi yambiri. Mpunga muuwaze madzi pang'ono ndipo muuvundule kuti pasatsale pozizira. Musatenthetse kawiri, zotsala mutaye."

N'chifukwa chiyani wophikayu akulimbikira za mpunga? Mumpunga mumakhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus timene sitiferatu pophika. Mpunga ukakhalitsa pofunda, timachulukana n'kutulutsa poizoni amene moto sungamuthetse, ndipo wodya amayamba kusanza pakangopita maola ochepa. Fungo silithandiza kuzindikira, chifukwa mpunga wotere umanunkhira bwinobwino. Choncho magetsi akazima kwa maola opitirira anayi, chakudya chophika cha mufiriji chisaperekedwenso kwa alendo.